Kondola ikupambana kawirikawiri koma akaunti ikuchepa: komwe vuto limabisala ndi m'mene mungalikonzere

Dandaulo limene limamveka mobwerezabwereza pakati pa anthu ochita malonda a maopshoni pamisika ya ku America ndi lakuti munthu watsegula ayironi kondola mwezi ndi mwezi, wapambana maulendo ambiri ndithu, koma pakutha pa chaka ndalama za mu akaunti yake ndi zochepa kuposa zimene anayamba nazo. Ambiri amaloza chala mwezi umodzi woipa nkunena kuti msika unawachita chipongwe, pamene kawirikawiri vuto linalipo kale tsiku limene ankatsegula malondawo, m'masamu a ndalama yolandira, kukula kwa mapiko ndi malamulo otulukira. Mwezi woipawo umangoulula zimene zinali zobisika.

Opshoni ndi mgwirizano wopatsa woigula ufulu wogula kapena wogulitsa masheya pa mtengo wokhazikika wotchedwa sitiraiki: kolo imapereka ufulu wogula, puti imapereka ufulu wogulitsa. Kondola ndi maopshoni anayi a chinthu chimodzi, othera tsiku limodzi. M'munsi mwa mtengo wa lero mumagulitsa puti imodzi nkugula ina ya sitiraiki yotsikirapo, ndipo pamwamba pa mtengo wa lero mumagulitsa kolo imodzi nkugula ina ya sitiraiki yokwererapo. Awiri ogulitsawo ndiwo amabweretsa ndalama, awiri ogulawo ndiwo mapiko amene amaika malire pa zimene mungataye. Pa sikirini ya buroka zonsezi zimatumizidwa ngati oda imodzi yotchedwa Iron Condor.

Titenge chitsanzo chongoyerekeza chimene tiyende nacho mpaka kumapeto. Masheya a SPY, amene amatsatira mndandanda wa S&P 500, ali pa madola 500, ndipo maopshoni amene tasankha atha pakapita masiku 45. Tikugulitsa puti ya 475 pa 3.10 nkugula ya 470 pa 2.40, kotero mbali ya m'munsi ikutipatsa 0.70. Tikugulitsa kolo ya 525 pa 2.00 nkugula ya 530 pa 1.20, kotero mbali ya pamwamba ikutipatsa 0.80. Zonse pamodzi ndi 1.50, ndipo popeza kontirakiti iliyonse imaimira masheya 100, mu akaunti mukulowa madola 150.

```
kutaya kwakukulu = (phiko - cholandira) x 100
                 = (5.00 - 1.50) x 100 = 350
```

Chifukwa chimene timawerengera phiko limodzi lokha ndi chakuti pa tsiku lothera mtengo sungakhale pansi pa 470 ndi pamwamba pa 530 nthawi imodzi, choncho mbali imodzi yokha ndiyo ingaluze. Malo amene simupindula kapena kutaya ndi 473.50 m'munsi ndi 526.50 pamwamba. Ngati mapiko awiriwo sali ofanana, mwachitsanzo la m'munsi ndi madola 10 pamene la pamwamba ndi 5, muziwerengera lalikululo, ndipo ndi bwino kuonanso zimenezi pa oda musanaitumize chifukwa kusankha sitiraiki yolakwika pa mndandanda wautali sikuvuta.

Choyamba kufufuza: kodi muyenera kupambana kangati?

Funso limeneli lili ndi yankho la nambala, ndipo amene sanaliwerengere sangadziwe ngati akuchita bwino kapena ayi. Mukasunga kondola yathu mpaka tsiku lothera, ndipo tikangoganizira zotsatira ziwiri zikuluzikulu, mumapeza 150 kapena mumataya 350. Kuti musatsike komanso musakwere, muyenera kupambana maulendo 70 pa 100 alionse, chifukwa 350 kugawa ndi 500 ndi 0.70. Munthu amene akunyadira kuti amapambana maulendo awiri pa atatu, pa kondola yotere, ndiye kuti akutaya ndalama pang'onopang'ono.

Zinthu zimaipa kwambiri kwa amene amakankhira masitiraiki kutali kuti azimva kukhala wotetezeka. Akalandira 0.60 yokha pa mapiko a madola 5, amaika pangozi madola 440 kuti apeze 60, ndipo ayenera kupambana maulendo 88 pa 100. Pa makondola khumi, akapambana asanu ndi anayi nkuluza imodzi amatsala ndi madola 100, asanalipire buroka. Akaluza ziwiri, watsika ndi madola 400. Kusiyana kwa chaka chabwino ndi choipa kuli pa malonda amodzi okha, ndipo miyezi isanu ndi itatu yopambana motsatizana siimuuza chilichonse chodalirika za luso lake. Ichi ndicho chifukwa ambiri amafuna kuti cholandira chikhale pafupi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a phiko. Si lamulo la msika, ndi chizolowezi chabe, ndipo chili ndi mtengo wake: masitiraiki amayandikira, msika umawakhudza kawirikawiri. Msika supereka kondola imene ili ndi mwayi waukulu wopambana komanso malipiro aakulu nthawi imodzi.

Vuto lenileni la anthu ambiri, komabe, limabwera pamene ayamba kutuluka msanga pa mbali imodzi yokha. Amamva langizo lakuti atseke kondola ikapereka theka la phindu, ndipo amalitsatira mokhulupirika: kondola imene anagulitsa pa 1.50 amaigulanso pa 0.75 nkusunga madola 75. Langizolo palokha ndi labwino, chifukwa limachotsa munthu pamsika masiku oopsa asanafike. Koma kondola ikayamba kuluza, munthu yemweyo amadziuza kuti kutaya kwake kuli ndi malire, kotero palibe chifukwa chothamangira, ndipo amadikira kuti mtengo ubwerere. Nthawi zina umabwereradi, ndipo zimenezo zimamulimbitsa mtima pa khalidwe loipa. Nthawi zina subwerera, ndipo amataya 350 yonse. Tsopano masamu asintha iye osazindikira: akupeza 75, akutaya 350, choncho ayenera kupambana maulendo opitirira 82 pa 100, ndipo kuluza kumodzi kukufafaniza zopambana pafupifupi zisanu. Wadula phindu pakati koma kutaya wakusiya momwe kunalili.

Mungadzizindikire nokha potsegula mbiri ya malonda anu nkuwerengera zinthu zitatu: phindu lapakati pa malonda opambana, kutaya kwapakati pa malonda oluza, ndi kuchuluka kwa opambana pa onse. Ngati kutaya kwapakati kuli pafupi ndi kutaya kwakukulu pamene phindu lapakati lili pafupi ndi theka la cholandira, vuto lanu ndi limeneli, ndipo kusintha masitiraiki sikudzalithetsa.

Mankhwala ake ndi kulemba malamulo atatu otulukira musanatsegule malonda, onse m'manambala. Pa kondola yathu, lamulo la phindu ndi kugulanso pa 0.75. Lamulo la kutaya ndi kugulanso mtengo wa kondola yonse ukafika 3.00, zimene zikutanthauza kutaya madola 150, ofanana ndi amene munalandira. Lamulo la nthawi ndi kutseka kukatsala masiku 21, kaya zinthu zili bwanji. Ndi malamulo awiri oyambawo mukufunika kupambana maulendo 67 pa 100, chifukwa 150 kugawa ndi 225 ndi magawo awiri mwa atatu. Sizikutanthauza kuti phindu latsimikizika, popeza kutuluka pa 3.00 kumatsekanso malonda ena amene akanachira mukanadikira, koma tsopano mukudziwa nambala imene mbiri yanu iyenera kuposa.

Pali lamulo lina lotchuka lakuti munthu atuluke akataya kawiri ndalama imene analandira, ndipo ine ndimaliona ngati lopanda ntchito pa kondola ya mapiko ang'onoang'ono. Pa chitsanzo chathu likutanthauza kutaya 300 pamene malire ndi 350, ndiye kuti mukudikira mpaka kondola ifike 4.50, mtengo umene kawirikawiri umaoneka msika utadutsa phiko lonse ndipo masiku atatsala ochepa. Lamulolo limagwira ntchito pamene mapiko ndi aakulu poyerekeza ndi cholandira, monga kulandira 2.00 pa mapiko a madola 15 kumene malire ndi 1,300. Lamulo lililonse limene mwamva kwa ena muziliyeza ndi mapiko anu musanalitenge.

Musaiwale zolipira. Miyendo inayi, kutanthauza maopshoni anayi aja, polowa ndi inayi potuluka ndi makontirakiti asanu ndi atatu, ndipo ngati buroka amadula masenti 65 pa iliyonse, zimenezo ndi madola 5.20. Mukataya 0.05 polowa ndi 0.05 potuluka chifukwa cha mpata wa pakati pa Bid, mtengo wa ogula, ndi Ask, mtengo wa ogulitsa, ndi madola ena 10. Madola 15 pa phindu la 75 ndi gawo limodzi mwa magawo asanu. N'chifukwa chake kondola imayenera kutsegulidwa ndi oda imodzi ya Limit, imene mumaikira nokha malire a mtengo, kuyambira pa mtengo wapakati nkumasuntha senti imodzi kapena ziwiri, komanso pa zinthu zimene maopshoni ake amagulitsidwa kwambiri.

Mtengo udakali mkati koma sikirini ikuonetsa kutaya

Ichi chimadabwitsa anthu oyamba kumene. SPY yatsika kufika 482, sinakhudze nkomwe 475, koma kondola imene munagulitsa pa 1.50 ikuoneka pa 2.60. Palibe chimene chalakwika pa akaunti. Chithunzi cha phindu chokhala ndi denga lathyathyathya chimene buroka amaonetsa ndi cha tsiku lothera lokha, ndipo tsikulo lisanafike mtengo wa kondola umatsatira zinthu ziwiri: kuyandikira kwa msika ku sitiraiki yogulitsa, ndi kugwedezeka kumene msika ukuyembekezera, kumene pa sikirini kumalembedwa IV. Wogulitsa kondola amataya IV ikakwera, ndipo pa masheya a ku America IV imakonda kukwera pamene mitengo ikutsika, choncho mbali ya maputi imapwetekedwa kawiri nthawi imodzi.

Nambala yomweyo ya IV ndiyo imakuuzani ngati masitiraiki anu ali kutali mokwanira.

```
kuyenda = mtengo x IV x sqrt(masiku / 365)
        = 500 x 0.16 x sqrt(45 / 365) = 28
```

Ngati IV ndi 16 peresenti, msika ukuyembekezera kuti pa masiku 45 SPY ingayende madola 28 kupita uku kapena uko, ndipo pafupifupi kawiri pa katatu idzathera mkati mwa malire amenewo. Masitiraiki athu ali madola 25 kuchokera pa mtengo, ndiye kuti ali mkati pang'ono mwa kuyenda koyembekezekako, ndipo delita ya aliyense izikhala pafupi ndi 0.20. Delita imeneyi anthu amaiwerenga ngati mwayi wa 20 pa 100 woti mtengo uthere kuseri kwa sitiraikiyo. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti mwayi woti mtengo ungoikhudza sitiraikiyo tsiku lina lililonse nthawi isanathe ndi pafupifupi kuwirikiza kawiri, kutanthauza 40 pa 100 ku mbali iliyonse. Choncho kuona mbali imodzi ikuyesedwa ndi chinthu cha nthawi zonse pa kondola yotere, ndipo amene alibe lamulo lolembedwa amakumana ndi chisankho chovuta pa makondola ambiri amene amatsegula, mtima uli m'mwamba.

Nkhani yoti msika ukuyenda mkati mwa malire imafuna kusamala. Tchati imaonetsa kuti miyezi iwiri yapitayi mtengo wakhala ukuzungulira pakati pa 485 ndi 515, koma siilonjeza chilichonse za miyezi iwiri ikubwerayi, ndipo nthawi yabata ndi imenenso IV imakhala yotsika, kotero mumalandira zochepa pa masitiraiki oyandikira. Kondola yotsegulidwa pa bata lalikulu imalipira pang'ono ndipo imavulala kwambiri bata likatha. Chofunika kuyerekeza ndi kugwedezeka koyembekezeka ndi kugwedezeka kumene kwachitikadi m'masabata apitawa: wogulitsa ali ngati kampani ya inshuwalansi, amapindula pokhapokha ngati malipiro amene akulandira akuposa ngozi zimene zikuchitikadi. Onaninso kalendala. Komiti ya banki yaikulu ya ku America imene imakhazikitsa chiwongoladzanja imakumana kasanu ndi katatu pachaka, ziwerengero za kukwera kwa mitengo ya katundu zimatuluka mwezi uliwonse, ndipo kampani iliyonse imalengeza zotsatira zake kanayi pachaka. Pa kondola ya masiku 45 ya mndandanda wonse simungazipewe zonse, koma pa masheya a kampani imodzi kusunga kondola kudutsa tsiku lolengeza zotsatira ndi malonda a mtundu wina, ndipo IV yokwera imene ikukukopaniyo yakwera chifukwa cha tsiku lomwelo.

Lamulo la masiku 21 limachokera pa m'mene kondola imasinthira ikamayandikira kutha. Kukatsala masiku 40, SPY kuyenda kuchoka 478 kufika 472 kumasintha mtengo wa mbali ya maputi pang'ono chabe, chifukwa puti yogulitsa ndi yogula zimakwera pafupifupi limodzi. Kukatsala tsiku limodzi, kuyenda komweko kumachotsa mbaliyo pafupi ndi ziro nkuifikitsa pafupi ndi 3.00. Imeneyi ndiyo gama, ndipo imakula masiku akamachepa. N'zoona kuti sabata zomaliza ndi zimenenso nthawi imadya mtengo wa maopshoni mofulumira, koma mukakhala mutapeza kale 0.90 pa 1.50, mukuika pangozi madola 440 kuti mupeze 60 otsalawo. Dzifunseni ngati mungatsegule malonda otere lero mutakhala kuti mulibe; ngati yankho ndi ayi, palibe chifukwa chowasungira.

Oda yotetezera imene imakutulutsani pa mtengo woipa

Lamulo la phindu n'losavuta kuliika m'manja mwa makina: mukangolowa, ikani oda ya Limit yogulanso pa 0.75 ndipo isankhireni GTC kuti ikhalebe mpaka itakwaniritsidwa. Lamulo la kutaya ndilo limavuta. Oda ya Stop, imene imadzuka yokha mtengo ukafika pamene mwaika, pa miyendo inayi imatha kudzutsidwa ndi mtengo wabodza, makamaka m'mphindi zoyamba msika utangotsegulidwa pamene mpata wa Bid ndi Ask uli waukulu, ndipo ikasanduka oda ya Market imagula pa mtengo uliwonse umene ulipo. Munthu amadzuka nkupeza watulutsidwa pa 3.60, pamene patangopita mphindi khumi kondola inali pa 2.40. Njira yabwinopo ndi kuika chenjezo pa mtengo wa SPY pafupi ndi sitiraiki yogulitsa, kenako chenjezolo likalira muone mtengo wapakati wa kondola, ndipo ngati wafikadi 3.00 mutseke ndi oda ya Limit nthawi yomweyo osakambirananso ndi mtima wanu. Njira imeneyi imafuna kuti mukhale maso pa nthawi ya msika. Kwa amene ali ku Malawi, ku Zambia kapena ku South Africa, msika wa ku New York umatsegulidwa 3:30 masana nkutsekedwa 10 koloko usiku kuyambira mu Malichi mpaka kumayambiriro kwa Novembala, ndipo miyezi inayo zonse zimachedwa ndi ola limodzi.

Palibe lamulo lotulukira limene limagwira ntchito msika ukadumpha usiku. Pa 16 Malichi 2020 S&P 500 inatsika pafupifupi 12 peresenti tsiku limodzi ndipo malonda anaimitsidwa msika utangotsegulidwa. Pa 5 Febuluwale 2018 VIX, nambala yoyeza kugwedezeka koyembekezeka kwa S&P 500, inakwera kuposa kuwirikiza kawiri tsiku limodzi, ndipo pa 5 Ogasiti 2024 inadutsa 60 m'mawa msika wa masheya usanatsegulidwe. Pa masiku otere kondola imadumpha 3.00 osaimapo. Choncho kuchuluka kwa makontirakiti kuziwerengeredwa pa 350, osati pa 150. Amene ali ndi madola 20,000 ndipo salola kutaya kuposa 2 peresenti pa malonda amodzi ali ndi malire a 400, ndiye kuti kondola imodzi yokha, ngakhale chikole chimene buroka amagwira chikumulola kutsegula makumi angapo. Makondola atatu pa SPY, QQQ ndi IWM, masheya otsatira mindandanda ya makampani a pamisika ya ku America, aziwerengedwa ngati amodzi, chifukwa pa tsiku loipa onse atatu amagwera mbali imodzi.

Kukonza kondola yoyesedwa

SPY ikatsika kufika 478, mbali ya makolo ya 525 ndi 530 imakhala itatsala mwina 0.10. Kukonza kofala ndi kuigulanso nkugulitsa ina yoyandikira, mwachitsanzo 500 ndi 505 pa 0.90, zimene zimawonjezera 0.80. Cholandira chonse chimakhala 2.30, kutaya kwakukulu kumatsika kufika 270, ndipo malo osapindula osataya a m'munsi amasunthira pa 472.70. Kukonza kumeneku sikuwonjezera ngozi yonse malinga phiko likhalebe madola 5, koma kumachepetsa bwalo: malire a pamwamba achoka pa 526.50 kufika 502.30, ndipo msika ukangobwerera kumene unali nkupitirira pang'ono mukutaya ku mbali imene poyamba inalibe vuto. Misika imene yatsika mofulumira imakonda kubwereranso mofulumira, choncho ngozi imeneyi si yongopeka. Mukakonza, lembaninso malamulo otulukira potengera cholandira chatsopano, ndipo kukonza kamodzi n'kokwanira.

Kukonza kwa mtundu wina ndiko kumawononga maakaunti: kutseka mbali yoluza nkutsegula ina mwezi wotsatira ndi mapiko aakulu kapena makontirakiti ambiri kuti pakhale cholandira chokwirira kutayako. Amene wataya 150 nkutsegula mapiko a madola 10 sanakonze chilichonse, wangotseka malonda oluza nkutsegula ena amene angamutayitse pafupifupi kawiri. Lembani kutayako m'buku monga kulili, ndipo malonda atsopano muwayeze paokha ngati kuti akalewo kunalibe.

Pamene malire a kutaya saliponso

Malire a 350 amadalira kuti miyendo yonse ikhale pamodzi. Maopshoni a SPY ndi a mtundu wa ku America, kutanthauza kuti mwini wake angagwiritse ntchito ufulu wake tsiku lililonse, ndipo amalipiridwa ndi masheya enieni. Bungwe la OCC, limene limayendetsa kulipirana kwa maopshoni ku America, limagwiritsa ntchito lokha opshoni iliyonse imene yatha ili ndi phindu la senti imodzi kapena kuposa, pokhapokha mwini wake atalamula zina.

Tiyerekeze kuti Lachisanu la tsiku lothera SPY yatseka pa 474, pakati pa masitiraiki awiri a maputi. Pa pepala mwataya 1.00 pa puti ya 475, munalandira 1.50, ndiye muli ndi phindu la madola 50. Koma puti ya 475 ikukakamizani kugula masheya 100 pa madola 47,500, pamene puti ya 470 imene inali chitetezo chanu yatha yopanda mtengo. Loweruka ndi Lamlungu muli ndi masheya opanda phiko. Lolemba msika ukatsegulidwa pa 462, mwataya madola 1,300 pa masheyawo, ndipo tikachotsa 150 imene munalandira kutaya kwanu ndi 1,150, kuposa katatu malire amene munkadalira. Ngati akaunti ilibe ndalama zokwanira masheya otero, buroka adzafuna chikole chowonjezera kapena adzagulitsa yekha pa mtengo umene wapeza, ndipo maburoka ena amatseka okha malonda otere Lachisanu masana osakufunsani. Ngakhale SPY itatseka pa 475.20, kunja pang'ono kwa sitiraiki, simunapulumuke, chifukwa eni maopshoni amakhala ndi nthawi yopereka malangizo msika utatsekedwa, mpaka 5:30 madzulo nthawi ya ku New York, ndipo mtengo ukatsika m'nthawi imeneyo angakupatseni masheyawo. Kupewa kwake ndi kutseka kondola tsiku lothera lisanafike, ngakhale zitafuna kulipira masenti asanu pa chinthu chooneka ngati chatha kale.

Ku mbali ya makolo ngozi imabwera ndi dividendi. SPY imagawa phindu kanayi pachaka, ndipo tsiku lodulira amene adzalandire gawolo limagwa cha pa Lachisanu lachitatu la Malichi, Juni, Seputembala ndi Disembala. Ngati kolo imene munagulitsa ili ndi sitiraiki yotsika kuposa mtengo wa msika ndipo mtengo wa nthawi umene watsala mwa iyo ndi wochepa kuposa dividendi, mwini wake ali ndi chifukwa chomveka chotengera masheya tsiku lodulira lisanafike. Mumadzuka muli ndi ngongole ya masheya 100 ndipo dividendiyo mulipira ndinu. Mungadziwiretu poyerekeza manambala awiriwo: SPY ili pa 528, kolo ya 525 ikugulitsidwa pa 3.60, ndiye mtengo wa nthawi ndi 0.60, ndipo ngati dividendi ikuposa pamenepo tsekani mbaliyo dzulo lake. Zikakuchitikirani nthawi isanathe, musagulitse phiko palokha chifukwa cha mantha, pakuti phikolo likadalipo malire a kutaya akadalipo, kupatula dividendi. Tsekani masheya ndi phiko pamodzi pa oda imodzi.

Mavuto awiriwa kulibe pa maopshoni a mndandanda wa S&P 500 weniweniwo, otchedwa SPX ndi XSP, a msika wa Cboe ku Chicago, chifukwa ndi a mtundu wa ku Ulaya, sagwiritsidwa ntchito nthawi isanathe, ndipo amalipiridwa ndi ndalama osati masheya. SPX ndi yaikulu pafupifupi kakhumi kuposa SPY, pamene XSP ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a SPX, choncho imafanana kukula ndi chitsanzo chathu, ngakhale mpata wake wa Bid ndi Ask umakonda kukhala waukulu kuposa wa SPY ndipo uyenera kuonedwa musanalowe. SPX ili ndi msampha wakewake: maopshoni a mwezi ndi mwezi a Lachisanu lachitatu amasiya kugulitsidwa Lachinayi, ndipo mtengo wolipirirana, wolembedwa SET, umawerengedwa kuchokera pa mitengo yotsegulira ya makampani onse Lachisanu m'mawa. Chilichonse chochitika usiku wa Lachinayi chimalowa mu nambala imeneyo inu mulibenso mwayi wotseka. Amene ali ndi chizindikiro SPXW amalipiridwa pa mtengo wotsekera wa tsiku lothera lenilenilo, choncho onani chizindikirocho pa miyendo yonse inayi, popeza pa Lachisanu lachitatu mitundu iwiriyi imaoneka pamodzi pa mndandanda ndipo kusakaniza miyendo ya mitundu iwiri kumasiya mbali ina yopanda phiko kwa tsiku lathunthu.